Fomu ya ngongole ikuti ndilembe mbiri yanga, ndilembemo chiyani?

Mkamwini_waKapiri
Akuluakulu, ndigaireniko nzeru. Ndine mlimi wa mtedza kuno ku Kapiri, Mchinji, koma kuyambira 2019 ndimagulanso mtedza kwa anzanga, kuswa, kusankha n'kumagulitsa kwa ogula a ku Lilongwe. Chaka chino ndikufuna ngongole ya K6 miliyoni. K4 miliyoni ndi yogulira mtedza nthawi yokolola, K2 miliyoni ya makina okazingira ndi opera chiponde. Fomu ndatenga, zambiri ndalemba, koma pali malo akuti ndifotokoze mbiri yanga, theka la tsamba basi. Mphwanga amene ali ku koleji wandilembera m'Chingerezi, ndiye ndazitembenuza kuti tonse timve:

"Ndinabadwira m'banja losauka la ana asanu ndi atatu. Kuyambira ndili mwana ndimakonda ulimi ndi mtima wanga wonse. Ndine munthu wolimbikira, woopa Mulungu komanso wamasomphenya. Kampani yanga ikukula mofulumira ndipo imagwira ntchito ndi alimi oposa 200. Cholinga changa ndi kuthetsa umphawi m'dera lathu ndi kutumiza katundu kunja."

Zikukoma kumva, koma mtima wanga sukukhazikika nazo. Ndipereke chonchi?

Tsabola_Wakale
Imeneyi ndi mbiri yowerenga pa maliro, achimwene. Pangotsala "wasiya mkazi ndi ana".

AphunzitsiOpuma
Musamuseke mnzanu. Bambo, mbiri imayamba ndi dzina, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Kenako sukulu zimene munaphunzira, ntchito zimene munagwirapo, zokonda zanu, pomaliza anthu atatu okuchitirani umboni. Ine ndalembera anthu ambiri ndipo ntchito anazipeza.

Nachisale_LL
Aphunzitsi, imeneyo ndi yofunsira ntchito. Awa sakufuna kulembedwa ntchito, akufuna ndalama za eni ake. Dzina ndi mudzi alemba kale pamwamba pa fomu, bwanji athere theka la tsamba kubwereza zomwezo?

KaleWaNgongole
Ndinagwirako ntchito yoona mafomu a ngongole kwa zaka zingapo, ndiye ndinene mmene ndinkawerengera. Pa tebulo pamakhala mulu wa mafayilo, ndipo mbiri ndinkaiwerenga ndili ndi funso limodzi m'mutu: munthu uyu anagwirapo kale zimene akuti achite ndi ndalamazi? Mawu akuti wolimbikira, woopa Mulungu, wamasomphenya, aliyense amalemba, ngakhale amene anathawa ndi ngongole chaka chatha. Maso ankangodumpha.

Pa zimene walemba mphwanuyo pali chiganizo chimodzi chokha chimene ndikanaima napo, cha alimi 200. Ndikanaima chifukwa ndi chokhacho chimene ndingathe kuchifufuza. Ndiye ndikufunseni, bambo: alimi 200 amenewa alembedwa penapake? Ndipo chaka chatha munagulitsa matumba angati?

Mkamwini_waKapiri
Kunena zoona, m'kope la mayi a kunyumba muli mayina 38, a makalabu awiri. Enawo ndi ongobwera ndi ndowa imodzi, lero uyu mawa wina. Matumba chaka chatha anali 140, mwa amenewa 20 a m'munda mwathu.

KaleWaNgongole
Eya, taonani tsono. Matumba ogula ndi 120. Mukati alimi 200, ndiye kuti aliyense anakupatsani theka la thumba ndi kakang'ono pamwamba. Woona fomu akangogawa chonchi, aganiza kuti mwina nambala ya alimi mwaikoka, mwina ndinu venda wa pamsewu wodikira odutsa. Koma mukati 38, aliyense akubwera ndi matumba atatu kapena kuposerako pang'ono, zimene zikufanana ndi mlimi weniweni wa ekala imodzi. Nambala yaing'onoyo ndiyo ikukukwezani. Komanso tsiku lodzakuyenderani mudzatulutsa kope, adzawerenga mayina, mwina n'kuimbira awiri. Pa 200 mudzatulutsa chiyani?

Lamulo limene ndinkauza anthu ndi lakuti chiganizo chilichonse cha mu mbiri chikhale ndi pepala kumbuyo kwake, kapena chinthu choti munthu n'kuchiloza ndi chala. Chimene chilibe, chotsani.

Sikelo_Yolungama
Funso langa ndi pa matumbawo. Ndi a mtedza woswa kapena wa makoko? Chifukwa thumba lija timati la 50 kg, mukathiramo wa makoko silifika n'komwe pamenepo, ndipo mukaswa makoko amadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake. Wina akamva 140 aganiza zina, inu mukunena zina.

Mkamwini_waKapiri
Woswa, wosankha kale, woyeza pa sikelo 50 kg thumba lililonse.

Sikelo_Yolungama
Ndiye lembani choncho, ndipo muikenso kuti ndi matani 7. Wa mu ofesi ku tauni matani amawamva msanga kusiyana ndi ndowa zathuzi.

WakuJoni_Phiri
Ine ndikuona ngati mukumuchepetsa munthuyu. Kuno ku Joni ukamapempha ndalama umadzigulitsa. Ukalemba zazing'ono akupatsanso zazing'ono. Alembe kuti ali ndi antchito 15, ndani akawerenge? Ndipo aike ndalama, osati matumba. Anene kuti mu 2022 ankapeza mwakuti, pano akupeza kuwirikiza kanayi. Banki imamva ndalama.

MayiChiponde
Achimwene a ku Joni, amawerenga ndithu. Ine zinandionekera. Mwana wa mchemwali wanga anandilembera kuti ndili ndi fakitale ndipo katundu wanga amafika ku Chipata. Zoona zake zinali zakuti mayi wina wa geni anagulako mabotolo 24 kawiri n'kuwolokera nawo ku Mwami. Tsiku lobwera mnyamata wa ku bungwe lobwereketsalo, anandipeza ndili kuseri kwa nyumba, chitenje m'chiuno, ndikukazinga mtedza pa chiwaya, makina anga amodzi ataphimbidwa ndi chiguduli chifukwa magetsi anali atazima. Anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa mwaulemu kuti, "Mayi, fakitale ija ili mbali iti?" Ndinasowa poyang'ana. Anapemphanso mapepala a pa chipata otumizira katundu kunja, ine ndilibe ngakhale limodzi. Ngongole sinatuluke, ndipo chondiwawa n'chakuti geni yanga inali yoyenda bwino, ndikananena zoona mwina akanandipatsa yocheperako.

KaleWaNgongole
Pa za ndalama, a Phiri mwalondola theka. Ndalama zikufunika, koma malo ake ndi pa mapepala a kalowedwe ndi katulukidwe ka ndalama, kumene azikafananiza ndi sitetimenti. Mu mbiri ine ndimakonda matumba, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zinthu yakhala ikungokwera. Munthu amene akugulitsa matumba omwewo chaka ndi chaka, m'makwacha aoneka ngati wakula kwambiri pamene ali pomwepo. Woona fomu amadziwa zimenezi, ndiye "kuwirikiza kanayi" sikumudzidzimutsa. Thumba ndi thumba, kwacha igwe isagwe. Bambo a ku Kapiri, tipatseni matumba a chaka chilichonse.

Mkamwini_waKapiri
2022 anali 60, 2023 anali 110, 2024 anatsika kufika 70 chifukwa cha ng'amba ija, 2025 ndiye 140. Mphwanga akuti 2024 ndisaitchule, ndingolemba kuti ndachoka pa 60 kufika pa 140.

KaleWaNgongole
Itchuleni. Aliyense m'dziko muno akudziwa kuti 2024 mvula inadula, mpaka boma linalengeza kuti maboma ambiri ali pa ngozi. Wobwereketsa mlimi mantha ake aakulu ndi chaka choipa. Inu muli ndi umboni wakuti chaka choipa chinabwera, geni inachepa koma sinafe, chaka chotsatira n'kudzuka. Umenewu ndi mzere wamtengo wapatali kuposa onse, ndiye muufufute? Mungowonjezera mawu ochepa onena chimene munachita kuti mupulumuke.

Mkamwini_waKapiri
Chaka chimenecho ndinasiya ogula awiri n'kutsala ndi mmodzi amene amalipira msanga, ndipo makina oswera ndinkaswera anthu ena mtedza wawo n'kumalipiritsa pa ndowa.

Nachisale_LL
Imeneyo ndiye mbiri! Osati za ana asanu ndi atatu zija.

Chimutu_Agro
Pepani ndipatuke pang'ono. Inu a ku Mchinji, mtedza wanu chaka chino mukuswa bwanji? Kuno kwathu anthu ayambanso kuwaza madzi pa makoko kuti afewe asamapweteke zala. Ukagula umaoneka bwino, pakatha milungu iwiri m'thumba wayamba fungo.

Sikelo_Yolungama
Si zala zokha ayi, madziwo amawonjezeranso kulemera pa sikelo. Amadziwa chimene akuchita.

Tsabola_Wakale
Nanga mavenda amene amakhotetsa sikelo? Mlimi akuthira madzi, venda akuba pa sikelo, onse akupita kwawo akuseka kuti apusitsa mnzawo.

MayiChiponde
Koma wovutika ndi ife opera. Mtedza wonyowa ndi umene umachita chuku, ndipo poizoni wa chuku sachoka ndi kukazinga. Ine ndimaluma kaye njere zingapo. Wouma bwino umathetheka pa dzino, wonyowa umangonyenyeka ngati mbatata.

Mkamwini_waKapiri
N'chifukwa chake ine ndinasiya kugula woswa kale. Ndimagula wa makoko, ndimaugwedeza ndimve ngati ukulira m'kati, kenako ndimaswa ndekha pa makina. Amayi asanu ndi mmodzi amasankha pamanja, owola ndi ofwifwa kuchotsa. Chiyambire 2022 wogula wanga wamkulu sanandibwezerepo thumba.

KaleWaNgongole
A Chimutu mwatipatutsa koma mwatithandiza. Bambo, zimene mwangonenazi zilowe mu mbiri, chiganizo chimodzi. Zikusonyeza kuti mukudziwa pamene ndalama zimathawira pa geni ya mtedza. Ndipo ngati wogulayo angalembe kakalata kotsimikiza kuti mwakhala mukumupatsa katundu kuyambira 2022, mukaphatikize.

Tsono ndikufunseni zowawa. Choyamba, ndalama za matumba 140 zinadutsa ku akaunti? Chachiwiri, munatengapo ngongole kwina kulikonse? Chachitatu, chiponde munapangapo?

Mkamwini_waKapiri
Wogula wamkulu amalipira ku akaunti, ndiwo matumba 90. Enawo ndi pamanja kapena pa Airtel Money. Akauntiyo ndi ya dzina la bizinesi, ndinalembetsa mu 2023 ndipo TPIN ya ku MRA ndili nayo. Ngongole ndinatengapo ya feteleza kudzera ku kalabu mu 2015, mvula inavuta, tinamaliza kubweza mochedwa ndi miyezi isanu. Ina ndinatenga ku SACCO mu 2021, K800,000 yogulira makina oswera, imeneyo ndinabweza yonse pa nthawi yake. Chiponde sindinapangepo, koma mayi a kunyumba amasinja nsinjiro n'kumagulitsa m'mapaketi pa msika, chaka chachitatu tsopano.

KaleWaNgongole
Tiyambe ndi matumba. Mukalemba 140 koma sitetimenti n'kuonetsa ndalama za 90, woona fomu adzakhulupirira sitetimenti, ndipo 50 otsalawo adzakhala ngati bodza. Muwatsekere pakamwa nokha: nenani kuti 90 analipiridwa ku akaunti, enawo pa foni ndi pamanja, ndipo mukapemphe sitetimenti ya pa foniyo. Chimodzimodzi zaka. Lembani kuti munayamba 2019 n'kulembetsa 2023, zonse ziwiri, chifukwa chiphaso chikunena 2023 ndipo wina angaganize kuti zaka zinayi mwangoziwonjezera.

Ngongole ya ku SACCO ikhale pamalo oonekera, ndi ndalama zake, chaka chake ndi chimene munagula. Makinawo alipo, adzawaona. Ya 2015 ine ndikanaitchulanso mwachidule. Obwereketsa amafunsa ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, monga Credit Data, ndipo akapeza okha chinthu chimene inu munabisa, amayamba kukayika zonse.

Nachisale_LL
Apa pokha sindikugwirizana nanu, bwana. Ngongole ya kalabu ya zaka khumi zapitazo, yoti inabwezedwa yonse, ilowe pa theka la tsamba chifukwa chiyani? Inali ya gulu, mwina ochedwetsa anali ena. Ngati fomu ili ndi funso lakuti munachedwapo kubweza, ayankhe zoona pamenepo. Koma mbiri si malo oululira machimo. Ukadziika wekha chipsera pamphumi, wowerenga wotopa amangoona chipseracho.

KaleWaNgongole
Mfundo yanu ndaimva, mayi. Ine ndinaonapo fayilo ikubwezedwa chifukwa cha chinthu chaching'ono chobisidwa, ndiye ndimaopa. Koma n'zoona kuti ngati fomu ili ndi funso lake, kuyankha pamenepo n'kokwanira. Asankhe mwini wake.

WakuJoni_Phiri
Mukuona? Ngakhale akatswiri sakugwirizana. Ine ndinati adzigulitse basi.

Tsabola_Wakale
A Phiri, kusiya kutchula ndi kunama ndi zinthu ziwiri. Inu mumafuna antchito 15 a m'maloto.

MayiChiponde
Ine nkhawa yanga ili pa chiponde. Bambo, musaganize kuti mukagula makina ndiye mwayamba kugulitsa mawa. Masitolo akuluakulu salandira botolo lopanda chizindikiro cha MBS, ndipo a MBS amadzaona malo opangira, amatenganso katundu kukamuyeza. Zimatenga nthawi ndi ndalama. Mufunsenso ngati makinawo akuyendera magetsi a m'nyumba wamba kapena amafuna aja a mawaya atatu a kuchigayo. Ngongole imayamba kuwerenga chiwongoladzanja makina ali chikhalire m'katoni.

KaleWaNgongole
Mayi anena chimene ndimafuna kufikapo. Mbiri yanu ikuikira umboni K4 miliyoni bwinobwino: mwagula mtedza zaka zambiri, muli ndi alimi, muli ndi wogula. Koma pa K2 miliyoni ya chiponde mbiri yanu ili chete, chifukwa simunapangepo. Amene ali ndi kamzere kogwirizana ndi zimenezi ndi akazi anu. Amasinja, amalongedza, ali ndi makasitomala, ndiponso ndi amene amasunga kope. Ndiye alowe mu mbiri, ndi ntchito yawo yeniyeni. Zimayankhanso funso lina limene sitilifunsa mokweza, lakuti bamboyu akadwala mwezi umodzi geni iima kapena ipitirira.

Mfumu_Yachabe
Mwamuna alembe kuti ndalama amasunga ndi mkazi? A banki aona ngati ndi wolamulidwa.

Nachisale_LL
A banki aona kuti ndalama sizithera ku bawo.

Mkamwini_waKapiri
Hahaha, zoona zake ndi zakuti iwo anafika Fomu 4, ine ndinalekera Fomu 2, ndiye kope ndi lawo. Koma pamenepa pali nkhani inanso. Dzina langali si lachabe, ndili pa chikamwini. Maekala atatu amene timalima ndi a kwawo kwa mayi. Mphwanga analemba pena kuti "ndili ndi munda". Nanga za Fomu 2 ndilembe?

AphunzitsiOpuma
Za munda samalani kwambiri. Mukalemba kuti ndi wanu, iwo n'kuuwerengera ngati chikole, tsiku lofuna kalata ya amfumu atsibweni a akazi anu adzaimirira, ndipo nkhani idzafika pabwalo. Lembani kuti mumalima maekala atatu a banja la akazi anu. Za sukulu, ine monga mphunzitsi ndikuti lembani, palibe chamanyazi.

KaleWaNgongole
Pa munda aphunzitsi alasa. Ngakhale ukanakhala wa kwanu, malo a makolo osalembetsa obwereketsa ambiri sawalandira ngati chikole. Tchulani zimene zili m'dzina lanu ndipo muli ndi malisiti ake: makina oswera, sikelo, njinga yamoto ngati ilipo. Za Fomu 2, ngati pali bokosi la maphunziro lembani mmenemo. Mu mbiri ndikanaika maphunziro okhudza ntchitoyi, monga ngati alangizi anakuphunzitsanipo za kasamalidwe ka mtedza ndipo muli ndi pepala lake.

Chimutu_Agro
Nanga alembe kuti "ine" kapena azidzitchula dzina ngati akunena za munthu wina? Ndimaona ena amalemba "Bambo Uje ndi mlimi wodziwika".

Nachisale_LL
Akusaina yekha pansi, ndiye alembe "ine". Zodzitchula dzina zimakhala bwino pamene mbiri ili m'kati mwa pulani ya bizinesi yolembedwa m'dzina la kampani. Chachikulu, ayambe kulemba m'Chichewa, mphwawoyo atembenuze mawu okhawo osathira mchere. Adzafunsidwa pakamwa zimene zalembedwazo, ndiye asakapeze mawu oti iwo eni sakuwadziwa.

Mkamwini_waKapiri
Takhala pansi ndi mayi usiku wathawu, kope lili pambali. Tamvani iyi:

"Ndakhala ndikulima mtedza ku Kapiri, Mchinji, kuyambira 2009, pa maekala atatu a banja la akazi anga. Mu 2019 ndinayamba kugula mtedza wa makoko, kuswa ndi kusankha, ndipo bizinesi ndinailembetsa mu 2023. Ndimagula kwa alimi 38 a makalabu awiri. Ndinagulitsa matumba a 50 kg a mtedza woswa okwana 60 mu 2022, 110 mu 2023, 70 mu 2024 ndi 140, omwe ndi matani 7, mu 2025. Mu 2024 mvula itavuta ndinatsala ndi wogula mmodzi ndipo ndinkaswera ena mtedza molipiritsa. Pa matumba a 2025, ndalama za 90 zinalowa ku akaunti ya bizinesi, zotsalazo pa foni ndi pamanja. Sindigula mtedza woswa kale pofuna kupewa chuku, ndipo wogula wanga wamkulu sanandibwezerepo katundu chiyambire 2022. Mu 2021 ndinabwereka K800,000 ku SACCO yogulira makina oswera, ndinabweza yonse pa nthawi yake. Ndili ndi antchito awiri okhazikika ndi amayi asanu ndi mmodzi osankha mtedza kuyambira Juni mpaka Seputembala. Akazi anga amasunga mabuku a bizinesi, ndipo kwa zaka zitatu akhala akusinja ndi kugulitsa nsinjiro za m'mapaketi. Ndi iwo amene adzayang'anire ntchito ya chiponde."

Ya 2015 sindinaiike. Ndaona kuti pa tsamba lachitatu pali funso lake, ndayankha pamenepo.

Tsabola_Wakale
Maliro aja aimitsidwa, wodwala wadzuka.

WakuJoni_Phiri
Ndi youma ngati chikonga. Palibe ngakhale mawu amodzi a masomphenya? Munthu akufuna kukula, anene kumene akupita.

Nachisale_LL
Apa a Phiri ndikuvomerezani pang'ono. Chiganizo chimodzi chomaliza sichingalakwike, bola chikhale ndi nambala, monga matumba amene akufuna kufikapo ndi K4 miliyoniyo. Osati zothetsa umphawi.

KaleWaNgongole
Iyi ndikanaiwerenga mpaka pansi. Ziwiri zokha. Mwati munayamba 2019 koma matumba mwayambira 2022, ndiye konzekerani funso la zaka zitatu zosowazo. Ngati kope linayamba 2022, nenani choncho. Kenako ganiziraninso za chiponde. Ndikanakhala ine ndikanapempha K4 miliyoni yokha chaka chino, chifukwa ndi imene mbiriyi ikuinyamula popanda kutsimphina, makina n'kudzapempha ndikabweza. Fayilo ina imakanidwa yonse chifukwa cha gawo limodzi lofooka.

MayiChiponde
Koma makina akukwera mtengo mwezi ndi mwezi, bwana. Akadikira chaka, K2 miliyoniyo sidzagula n'chokazingira chomwe.

Mkamwini_waKapiri
Kope linayambadi 2022, kale ndinkangosunga m'mutu, ndiwonjezera zimenezo. Za makina tikadakokanabe kunyumba kuno, mayi akuti tipemphe zonse, ine mantha andigwira. Fomu ikufunika Lachisanu. Mayi a chiponde, anu aja munagula a magetsi a m'nyumba? Ndipo amapera makilogalamu angati pa ola?